Achinyamata a foreksi, werengani mapipu amene atsala ndalama zanu zisanathe

Ndamva nkhani sabata yatha imene yandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndaona kuti kukhala chete kungakhale kulakwira ana a anthu ena amene akuyenda njira yomweyo. Mnyamata wina wophunzira bwino, wodziwa masamu kuposa ine, anaika madola 500 mu akaunti yogulira ndi kugulitsira ndalama za maiko, ndipo dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo anali atataya ndalamazo pamodzi ndi zina zimene anabwereka. Tsopano akuyenda uku ndi uku kuuza anthu kuti msika unamuchitira chiwembu, kuti buloka, kampani imene anatsegulako akauntiyo, anamubera, kuti tsikulo linali latsoka. Ndinapempha kuti andionetse manambala ake, ndipo nditawaona sindinapezemo chiwembu kapena tsoka. Ndinapezamo munthu amene anasenza malonda a madola 110,000 ali ndi madola 500 m'thumba, kenaka n'kudabwa kuti katunduyo wamuphwanya.

Buloka wake anamupatsa levareji ya 1:500, kutanthauza kuti pa dola imodzi iliyonse ya chikole ankamulola kuchita malonda a madola 500, ndipo iye anakondwa ngati wapatsidwa mphatso. Mtengo wa EUR/USD, ndiko kuti mtengo wa yuro imodzi m'madola, unali pa 1.1000, ndipo anagula loti imodzi yathunthu, imene ndi mayuro 100,000, kapena kuti madola 110,000 pa mtengo umenewo. Chikole chimene buloka anagwira, chimene amalonda amachitcha majini, chinali madola 220 okha, ndipo pafoni panaoneka kuti madola 280 akadali omasuka. Apa ndi pamene uchitsiru unayambira, pakuti iye anayang'ana madola 220 aja n'kumaganiza kuti ndiwo amene waika pachiswe. Kodi anamuuza ndani kuti chikole ndicho malire a zimene angataye? Phindu ndi kuluza siziwerengedwa pa chikole ai, zimawerengedwa pa madola 110,000 onse aja, ndipo pa loti yathunthu ya EUR/USD pipu iliyonse, kusuntha kwa 0.0001 kokha pa mtengo, ndi madola 10 otuluka kapena olowa m'thumba mwako. Ngakhale mtengo usanasunthe n'komwe, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumakhala kutakudyera kale madola 10 kapena 20 pa mphindi imene watsegula malondawo, koma zimenezo tiziike pambali kuti masamu asavute.

Pansi pa pulogalamu imene ambiri a inu mumagwiritsa ntchito pali mzere wa manambala umene simuuyang'ana, chifukwa maso anu amakhala pa makandulo okwera ndi otsika. Pamzerepo pali Balance, Equity, Margin, Free Margin ndi Margin Level, ndipo nambala yotsirizayi ndi imene buloka amaiyang'anira usana ndi usiku. Amaiwerenga motere:

```
Margin Level = Equity / Margin x 100
```

Equity ndi ndalama zimene zingakutsalire utatseka malonda ako onse pa mphindi imeneyo. Pamene mnyamata uja amatsegula loti yake, anali ndi madola 500 pa chikole cha madola 220, kutanthauza 227 peresenti. Buloka wake amachenjeza pa 100 peresenti, chenjezo limene amalitcha Margin Call, ndipo amatseka yekha malonda pa 50 peresenti, kutseka kumene amakutcha Stop Out. Malire amenewa amasiyana buloka ndi buloka, ndipo amalembedwa m'pangano lija limene mumadina kuti mwavomereza musanawerenge ngakhale mzere umodzi. Kuti afike pa 100 peresenti, panangofunika kuti Equity itsike kufika pa madola 220, ndiko kuti ataye madola 280, amene ndi mapipu 28. Kuti afike pa 50 peresenti, panangofunika kuti ataye madola 390, amene ndi mapipu 39. Mtengo ungochoka pa 1.1000 n'kufika pa 1.0961, basi malonda atsekedwa, kwatsala madola 110. Kusuntha kumeneku sikufika ngakhale theka la peresenti imodzi, ndipo masiku ambiri EUR/USD imayenda mtunda woposa umenewu pakati pa m'mawa ndi madzulo popanda nkhani iliyonse yaikulu. Kodi munthu wamoyo, wa nzeru zake, amaika ndalama zake zonse pa chiyembekezo chakuti mtengo sudzagwedezeka monga momwe umagwedezekera tsiku lililonse?

Chimene chandipsetsa mtima koposa ndi zimene anachita Margin Call itabwera. Mtengo utafika pa 1.0972 mzere uja unafiira, chizindikiro chakuti ndalama zomasuka zatha ndipo sangatsegulenso malonda ena. Pamenepo akanatha kutseka loti yonseyo n'kupulumutsa madola 220, kapena kutseka gawo lalikulu n'kusiya kochepa kuti chikole chichepe. Iye sanachite zimenezo. Anathamangira kwa mnzake, anabwereka madola 300, n'kuwaponya mu akaunti momwemo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mtengo ubwerera. Madola 300 pa loti yathunthu ndi mapipu 30 okha a moyo woonjezera! Equity inakwera kufika pa madola 520, chikole chinakhalabe 220, ndipo malire otsekera anakhalabe pa madola 110. Mtengo unatsikanso ndi mapipu 41 kufika pa 1.0931, Stop Out inachitika, ndipo pa madola 800 onse anatsala ndi madola 110 omwe aja amene akanatsala nawo akanapanda kubwereka kanthu, koma tsopano ali ndi ngongole pamwamba pake. Kodi ngongole ya mnzako imasintha bwanji kumene msika ukulowera? Kodi mumaganiza kuti mtengo wa yuro umadziwa kuti mwaonjezera ndalama, kuti ukuchitireni chifundo?

Ndipo musabwere kwa ine ndi dandaulo lakuti mtengo unabwerera m'mawa mwake. Kaya unabwerera kaya sunabwerere, iye anali atatulutsidwa kale, ndipo malonda otsekedwa sauka. Anthu ambiri amene amathera pa Stop Out sakhala kuti anaphonya kulosera kumene mtengo udzapita m'kupita kwa masiku. Chimene chimawapha n'chakuti anatsegula zazikulu kwambiri moti analibe malo opirira kugwedezeka wamba kwa pa njira. Mnyamata yemweyo, ndi madola 500 omwewo, pa mtengo womwewo, akanatsegula 0.01 loti, imene ndi mayuro 1,000, pipu iliyonse ikanakhala masenti 10, ndipo mapipu 69 onse aja akanamudyera madola osakwana 7. Koma inu mumati madola 7 ndi masewera a ana, mukufuna ndalama ichulukane kawiri sabata isanathe. Nanga kukula kwa loti kumene kungachulukitse ndalama zanu kawiri ndi mapipu 50 okwera, si komweko kumene kungazithetse ndi mapipu 50 otsika?

Mukamasankha buloka mumathamangira amene walemba 1:500 kapena 1:1000, ndipo amene akupereka zochepa mumamunena kuti ndi woumira. Dziwani kuti mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya chuma m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, linaika malire akuti munthu wamba asapatsidwe levareji yoposa 30:1 pa ndalama zikuluzikulu monga yuro ndi dola, ndi 20:1 pa zinazo. Linachita zimenezi litaona kuti pa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, pakati pa 74 ndi 89 ankaluza ndalama. Ku Amereka malire ndi 50:1 pa ndalama zikuluzikulu, ndipo ku Japan ndi 25:1. Pa 30:1, loti imene mnyamata uja anatsegula ikanafuna chikole cha madola pafupifupi 3,667, ndipo pulogalamu ikanamukaniza. Madola 500 ake sakanamulola kupitirira 0.13 loti. Kodi maiko amenewa ndi opusa, kuti inu nokha ndi amene mwatulukira chinsinsi chimene iwo sanachione? Buloka amene akukulolani 1:500 nthawi zambiri amakhala wolembetsedwa kumene malamulo otere kulibe, ndipo muzindikire kuti chikole chikachepa, malire otsekera nawonso amatsika, kotero kuti pamene akukutulutsani mumakhala mutatsala ndi zochepa zedi.

Ena a inu mudzandiyankha modzitama kuti mumaika Stop Loss, choncho zoterezi sizingakugwereni. Kuika n'kwabwino, ndipo amene saika n'komwe sindikufuna ngakhale kutaya naye mau. Koma Stop Loss ndi lamulo lakuti malonda atsekedwe pa mtengo woyamba umene upezeke, osati lonjezo lakuti atsekedwa pa mtengo umene inu munalemba. Msika umatseka Lachisanu usiku n'kutsegulanso kumayambiriro kwa sabata, ndipo ngati chachitika chinthu chachikulu pakatipo, mtengo umadzuka uli patali, utalumpha malo amene munaika lamulo lanu. Zomwezo zimachitika banki yaikulu ya dziko ikalengeza za chiwongoladzanja mosayembekezereka. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza mtengo wa 1.20 pa EUR/CHF, ndiko kuti mtengo wa yuro m'ndalama za dzikolo, umene inkauteteza kuyambira mu 2011, ndipo m'mphindi zochepa mtengowo unagwa kufika pansi pa 1.00. Umenewu ndi mtunda woposa mapipu 2,000, pamene mnyamata wathu anathera pa 69. Panalibe ogula pa mitengo ya pakati, choncho malamulo otsekera anagwira ntchito mtengo uli kale kutali, ndipo anthu ambiri anadzuka akaunti zao zili pansi pa ziro, ali ndi ngongole kwa buloka. Kampani ya Alpari ya ku Britain, imene inali buloka, inagwa, ndipo kampani ina yotere ya FXCM inalengeza kuti makasitomala ake anali ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni kwa iyo. Malamulo a ku Ulaya aja amateteza munthu wamba kuti asataye zoposa zimene zili mu akaunti yake, koma kodi inu munafunsapo ngati buloka wanu ali pansi pa lamulo lotere, kapena munangoona levareji yaikulu n'kutumiza ndalama?

Masamu ake ndi a mwana wa sukulu. Musanadine Buy kapena Sell, tengani Equity yanu, chotsanipo ndalama imene buloka adzakutsekerani mukafikapo, ndipo yotsalayo muigawe ndi mtengo wa pipu imodzi pa loti imene mukufuna kutsegula. Yankho lake ndi mapipu amene ali pakati pa inu ndi kutha kwa ndalama zanu, ndipo ngati mwatsegula malonda angapo nthawi imodzi muwerengere onse pamodzi, pakuti onsewo akumwa pa Equity imodzi. Ngati yankholo ndi laling'ono kuposa mtunda umene ndalamazo zimayenda pa tsiku wamba, loti imeneyo si ya msinkhu wanu. Mumatha maola mukujambula mizere pa machati ndi kutumizirana zithunzi za phindu la anthu amene simuwadziwa, koma kugawa 390 ndi 10 kukukanikani. Ngati ulesi wanu wafika pamenepo, chotsani ndalamazo mu akaunti lero, ndipo mulekeretu kuvutitsa anzanu ndi ngongole zokadyetsa majini.