"Imazima nthawi zina" si uthenga woti mnzako angagwirire ntchito

Maganizo anga ndi akuti chipangizo chikamavuta mwa apo ndi apo, ntchito yaikulu ili kwa amene waona vutolo, osati kwa wokonza. Wokonza sangachize matenda amene sanawaone. Ndiye ukamamulembera, cholinga chako chikhale choti iyenso achite zomwe unachita iweyo mpaka vutolo limuonekere pa tebulo lake.

Ndikunena izi chifukwa cha laputopu ina ya kuntchito kwathu. Inabwera ndi kapepala kakuti "sikirini ikumazima nthawi zina." Mnzanga amene amatsegula makinawa anaiyatsa tsiku lonse, sinazime ngakhale kamodzi, ndipo anaibweza. Patapita masiku awiri inabweranso, mwini wake atakwiya. Palibe ananama. Kungoti mnzangayo amatsegula chivundikiro n'kuchisiya chili chilili, pomwe mwini wake amachikankhira kumbuyo kwambiri.

Ndinakhala nayo pafupifupi ola limodzi, kenako ndinalemba chonchi:

"Akulu, laputopu ija ya sikirini yozima ndaiika pa tebulo lanu. Iyatseni, mutsegule chivundikiro mpaka chiime chilili, kenako muchikankhire kumbuyo pang'onopang'ono. Chikafika pa madigiri pafupifupi 120 sikirini imathwanima n'kuda. Mukachibweza kutsogolo imayakanso yokha. Ndayesa ka 10, yazima ka 7. Ikada, kanyali ka Caps Lock kamayaka ndi kuzima ndikadina, ndipo monita imene ndalumikiza pa HDMI imaonetsabe bwinobwino. Zikuchitika pa chaja ndi pa batire pomwe, ndiponso mu BIOS. Sindinaitsegule mkati, sindinasinthe kalikonse. Ndikukayikira chingwe cha sikirini chodutsa pa mahinjesi, koma amenewo ndi maganizo anga chabe."

Ulendo uno vutolo analiona asanathe mphindi ziwiri.

Muuthengawu chimene ndimachikonda kwambiri ndi "ka 7 pa ka 10." Mawu akuti "nthawi zina" angatanthauze kawiri pa ola kapena kamodzi pa mwezi, ndipo wokonza sadziwa kuti adikire mpaka liti asananene kuti palibe vuto. Koma ukamuuza kuti ka 7 pa ka 10, akayesa kawiri osaona kanthu sagwa ulesi, amadziwa kuti apitirize. Nambala yomweyo imathandizanso akamaliza kukonza. Akayesa ka 20 osazima ngakhale kamodzi, angakhulupirire kuti vutolo latha. Popanda nambala, sungasiyanitse chipangizo chimene chakonzeka ndi chimene changokhala chete lero.

Chinanso chimene anthu amachisiya ndi kunena zimene zikugwirabe ntchito. Amaona ngati n'zosafunika, chikhalirecho ndi zimene zimadula ulendo. Kanyali ka Caps Lock kakamayankha, ndiye kuti kompyutayo sinaume, ili moyo. Monita yakunja ikamaonetsa bwino, mbali imene imapanga zithunzi ikugwira ntchito, ndipo maso amapita ku sikirini ya laputopuyo kapena chingwe chake. Vuto likamaoneka mu BIOS, pomwe Windows isanayambe n'komwe, palibe chifukwa chotaya tsiku lonse kuika madiraiva atsopano, timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo za kompyuta. Ziganizo zitatu zokha, koma zatseka njira zitatu zimene mnzako akanasochera nazo.

Pali chimene ndinaiwala, ndipo anandifunsa: ikada, mukaunika ndi tochi pafupi, zithunzi zikuoneka mwa chizimezime? Funso labwino kwambiri. Zikamaoneka ndiye kuti chazima ndi kuwala kwa kumbuyo kwa sikirini, pomwe chithunzi chikufikabe. Tsopano ndimayesa zimenezo ndisanalembe.

Ena amati tisamalembe n'komwe zomwe tikuganiza kuti ndi gwero, poopa kusocheretsa wokonza. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Lembani, koma kumapeto, ndipo munene poyera kuti n'kuganiza chabe. Choipa n'kuyamba ndi "sikirini yafa, isinthidwe," osanena zomwe waona. Pamenepo mnzako akhoza kuitanitsa sikirini yatsopano, n'kuilumikiza ku chingwe chomwe chija chothetheka mkati, vuto n'kukhalabe pomwepo.

Nanga ngati walephera kupeza chimene chimayambitsa? Zimachitika, makamaka ndi mavuto obwera makina akatentha. Pamenepo lemba nthawi imene yazima, mphindi zimene inali itayaka, zimene unkachita, komanso ngati fani imalira kwambiri. Jambula kavidiyo pa foni. Ndipo nena zoona kuti wayesa kangapo osakwanitsa kulibweretsa dala, kuti mnzako adziwe kuti imeneyi ndi yofunika kuisiya yoyaka maola angapo.

Ya ife ija ataitsegula anapeza chingwe chitaphwanyika pomwe chimapinda pa mahinjesi. Anasintha chingwe chokhacho, natsegula ndi kutseka ka 20, sikirini osazima.