Khodi yoona ili pa disiki, osati mu tchati

Maganizo anga kwa amene mumalemba mapulogalamu mothandizidwa ndi ChatGPT, Claude kapena Gemini: siyani kukopera khodi kuchokera mu tchati yakale n'kukaimata mu tchati yatsopano. Vuto limene munakonza kale limabwerera kudzera pamenepo, ndipo limabwera mwakachetechete.

Tiyerekeze kuti muli ndi fayilo ya `sms.py` yotumiza mauthenga kwa makolo pasukulu. Lamlungu mwaimata mu tchati, yakulemberani fankishoni yochotsa 0 woyamba pa nambala ya foni n'kuikapo +265. Lolemba mwaona kuti nambala zolembedwa ndi mipata pakati zikukanidwa, ndiye mwakonza nokha mu fayilo ndi mzere umodzi:

```python
nambala = nambala.replace(" ", "")
```

Lachitatu mukufuna kuwonjezera zowerenga nambala kuchokera mu CSV. Tchati ya Lamlungu yatalika, mwatsegula ina. M'malo motsegula fayilo, mwabwerera ku tchati yakale chifukwa batani la Copy lili pafupi. Zimene mwakoperazo ndi veshoni ya Lamlungu, yopanda mzere wa Lolemba uja. Tchati yatsopanoyo sinauonepo mzerewo ndipo siingaudziwe, imagwira ntchito ndi zimene mwaipatsa basi. Yakubwezerani fayilo yathunthu yooneka bwino, mwaimata pamwamba pa `sms.py`, mzere uja wapita. Pulogalamu ikuyenda, CSV ikuwerengedwa, palibe uthenga wofiira. Mudzazindikira Lachisanu, makolo ena akayamba kudandaula kuti sanalandire kanthu.

Tsopano muli ndi maveshoni anayi a fayilo imodzi, awiri m'matchati ndi awiri amene adutsa pa disiki, ndipo palibe ngakhale imodzi yokhala ndi zonse. Ambiri akafika apa amayamba `sms_final.py`, `sms_final2.py`, `sms_final_yeniyeni.py`. Mainawo sauza munthu chimene chinasintha, amangochulukitsa zokayikitsa.

Mankhwala ake ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, ngakhale mukugwira nokha, ngakhale mulibe intaneti. GitHub sikufunika pa izi. Mu foda ya pulojekiti, kamodzi kokha:

```
git init
git add sms.py
git commit -m "poyambira"
```

Kuchokera apo, musanatsegule tchati yatsopano pangani `commit`, kutanthauza kusunga mu Git zimene zikugwira ntchito, kenako kopererani kuchokera mu fayilo ya pa disiki. Yankho likabwera mwalimata, musathamangire kuyendetsa pulogalamu. Yambani mwalemba `git diff`. Mizere yoyamba ndi `+` ndi yowonjezedwa, yoyamba ndi `-` ndi yochotsedwa. Maso anu akhale pa ya `-`. Munapempha za CSV zokha, nanga bwanji mzere wa `replace` ukuoneka pa zochotsedwa? Ndiye kuti munamata veshoni yakale, kapena chida cha tchaticho chalembanso fankishoni imene simunachitume. Apa pali njira ziwiri. `git restore sms.py` imabweza fayilo mmene inalili pa `commit` yomaliza, koma dziwani kuti imataya zonse zimene simunasunge. `git add -p` imakuonetsani zosintha chigawo ndi chigawo, inu n'kuvomera ndi `y` kapena kukana ndi `n`; zokanidwazo zimakhalabe mu fayilo mpaka mutalemba `git restore sms.py` pambuyo pake.

Ngati mzere unasowa kale masiku apitawo, simufunika kufufuza m'matchati khumi:

```
git log --oneline -S'replace(" ", "")' -- sms.py
```

Lamuloli limatulutsa ma `commit` amene mawuwo analowa kapena kutuluka mu fayilo. Pa nkhani yathuyi mudzaona awiri, wa Lolemba ndi wa Lachitatu. Koma limathandiza pokhapokha ngati Lolembalo munasunga. Git sakumbukira zimene simunamupatse.

Palinso msampha wina, woipa kuposa uwu. Fayilo ikakhala yaitali, chidacho nthawi zina chimafupikitsa yankho n'kuika kamzere konga `# ... rest of the code unchanged` pamene panali mafankishoni atatu. Mukamata zonse osawerenga, mafankishoniwo afufutika. Python sadandaula ndi kamzereko popeza ndi ndemanga chabe, adzadandaula ndi `NameError` pa nthawi imene pulogalamu yafika poitana fankishoni yosowayo, mwina mawa lake. `git diff --stat` imagwira zimenezi msanga: ntchito yowonjezera mizere 15 ikaonetsa kuti mizere 80 yachotsedwa, imani kaye.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kupempha fayilo yonse pa kusintha kochepa n'kudziputira mavuto. Matani fayilo yonse kuti chida chione mmene zinthu zikulumikizirana, koma muchiuze kuti chibweze fankishoni imene yasintha yokha, inu muilowetse pamalo pake. Ndipo tsiku limene mwakonza vuto ngati la mipata lija, lembani mu fayilo yapadera kamayeso ka mzere umodzi ndi `assert`, kopatsa fankishoniyo nambala ya mipata n'kuyembekezera yopanda mipata. Veshoni yakale ikadzalowanso mozemba, kamayesoko kadzalephera pa kompyuta yanu uthenga ngakhale umodzi usanatumizidwe.