Makilomita 200 pa njinga: Afalansa, Ataliyana ndi Ajeremani amawerengera nthawi mosiyana

Munthu amene amapalasa makilomita 24 pa ola pamsewu wathyathyathya ukamufunsa kuti ulendo wa makilomita 200 umutengera nthawi yaitali bwanji, amagawa msangamsanga n'kuyankha kuti maola 8 ndi mphindi 20. Kenako dzuwa limamulowera ali panjira, alibe ndi nyale yomwe. Masamuwo sanalakwe ayi, koma aiwala zitunda komanso nthawi imene njinga yangotsamira pakhoma. Ku Falansa ndi kwa anansi ake awiri, Italiya ndi Jeremani, kunachokera njira zitatu zowerengera nthawi ya paulendo, ndipo iliyonse imagwira pamene inzake yasiya.

Ya ku Falansa ndi yopanda chifundo, n'chifukwa chake ndimaikonda. Bungwe la Audax Club Parisien, lomwe linayambitsa maulendo oti aliyense azipalasa pa liwiro lake mu 1921, limangopereka malire a nthawi. Makilomita 200 muwamalize pasanathe maola 13 ndi theka, 300 pasanathe maola 20, 400 pasanathe maola 27, ndipo 600 pasanathe maola 40. Wotchi ikayamba siimanso. Kudya, kugona, kumata chubu, kusochera, zonse zili m'kati mwa maola omwewo. Mukagawa mupeza kuti akungofuna makilomita pafupifupi 15 pa ola, ndipo woyamba kumene amaseka, amati amenewo ngakhale mwana akhoza. Amasiya kuseka akaona kuti mphindi 10 zilizonse zimene waima, wotchiyo yamudyera makilomita awiri ndi theka. Lamuloli silisintha kaya njirayo ndi ya m'chigwa kaya ya m'mapiri, ndiye limakuuzani nthawi imene simuyenera kupitirira, koma nthawi imene inuyo mufike silikuuzani.

Ku Falansa komweko kulinso ena, a Union des Audax Français, amene amapalasa pagulu motsogozedwa ndi kapitawo pa liwiro la makilomita 22.5 pa ola, ndipo malo opumira ndi mphindi zake zimalembedweratu asananyamuke. Kwa iwo kupuma kumalowa m'masamu ngati mtunda womwe. Chizolowezi chimenechi ndi chimene wopalasa yekha ayenera kuwabera.

Mukadutsa mapiri a Alps n'kulowa m'Italiya, funso limasintha. Pachitunda chachitali samalabadira makilomita, amafunsa kuti pa ola limodzi mumakwera mamita angati kupita m'mwamba. Muyezowu umatchedwa VAM, chidule cha mawu a Chitaliyana akuti velocità ascensionale media. Amene anautchukitsa ndi dokotala Michele Ferrari, yemwe pambuyo pake analetsedwa moyo wake wonse kugwira ntchito m'masewera chifukwa cha mankhwala oletsedwa opatsa mphamvu. Mbiri yake ndi yoipa, koma muyezo wake ulibe mlandu. Akatswiri a mipikisano amapitirira mamita 1,500 pa ola. Munthu wamba wozolowera njinga, paulendo wa tsiku lonse, akakwera 600 kapena 700 wachita bwino.

Tengani chitunda cha Stelvio mukachiyambira ku mudzi wa Prato. Ndi makilomita pafupifupi 24, okwera mamita pafupifupi 1,800, ndipo pali makona 48 okhota ngati chigongono. Mnzathu wa makilomita 24 pa ola uja angati limenelo ndi ola limodzi basi. Koma mamita 1,800 mukawagawa ndi 600 akupatsani maola atatu, kutanthauza kuti azikwawa makilomita 8 pa ola. Pachitunda chotere mphamvu pafupifupi zonse zimathera ponyamula thupi ndi njinga, ndiye mamita okwera ndi amene amalamula, kutalika kwa msewu kumangotsatira. VAM yanu simuipeza m'buku. Pezani chitunda chimene mumadziwa mamita ake okwera, chotenga mphindi zosachepera 20, mukwere pa mphamvu imene mungathe kuisunga tsiku lonse, osati ya mpikisano, ndipo muwerengere kuti pa ola angakhale mamita angati.

Muyezowu uli ndi malire ake. Umagwira bwino pamene msewu ukukwera mamita 5 kapena kuposa pa mamita 100 aliwonse. Pachikweza chochepa mumathamanga ndithu, mphepo ndi imene imadya mphamvu, ndipo VAM imatsika ngakhale miyendo ikugwira ntchito chimodzimodzi. Ukaugwiritsa ntchito pa timitunda tating'ono tokwera n'kutsika umasokoneza. Za kupuma sunena kanthu n'komwe.

Njira ya ku Jeremani si ya njinga kwenikweni. Ndi ya oyenda pansi m'mapiri, yolembedwa mu muyezo wa DIN 33466: makilomita 4 pa ola, mamita 300 pa ola pokwera, 500 potsika. Manambalawo asiyeni, chofunika ndi kaphatikizidwe kake. Mumawerengera nthawi ya mtunda payokha, nthawi ya kukwera payokha, kenako yaing'onoyo mumaidula pakati n'kuiwonjezera ku yaikulu. Nzeru yake ndi yakuti pamene mukukwera mumakhalanso mukupita kutsogolo, ndiye kuphatikiza zonse ziwiri zathunthu ndi kuwerenga msewu umodzi kawiri. Ine ndimaibwereka n'kuikamo manambala a njinga, ndipo za kutsika ndimazichotsa chifukwa njinga imatsika yokha. Nayonso nthawi yopuma siiwerenga.

Tsopano tiike njira zitatuzi paulendo umodzi. Tiyerekeze makilomita 200 okwera mamita 2,400 onse pamodzi. Mwa mamitawo, 1,800 ali m'zitunda zitatu zazitali zomwe pamodzi ndi makilomita 30, kutsetsereka kwake ndi makilomita enanso 30, ndipo makilomita 140 otsalawo ndi a timitunda tating'ono tomwe tikugawana mamita 600 otsala aja. Wopalasa ndi yemwe uja: 24 pa ola pathyathyathya, mamita 600 pa ola pachitunda.

Mwa Chitaliyana, zitunda zitatu zija zitenga maola atatu. Pamtsetse tinene makilomita 40 pa ola, zomwe ndi mphindi 45. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza kuti zimene chitunda chawalanda, mtsetse uwabwezera. Subweza zonse. Makilomita 10 okwera pa liwiro la 10 ndi ola lathunthu, makilomita 10 otsika pa liwiro la 40 ndi mphindi 15, ndiye makilomita 20 atenga ola ndi mphindi 15. Avereji yake ndi 16, osati 25 amene mungapeze mutangophatikiza 10 ndi 40 n'kudula pakati, chifukwa nthawi yambiri mwaithera pa liwiro lochepalo. Pa makilomita 140 aja sindingaike 24. Timitunda timadula liwiro, ndipo miyendo ya ola lachisanu ndi chinayi si ya m'mawa ija. Ndiika 21, zomwe zikupereka maola 6 ndi mphindi 40. Zonse pamodzi, mateyala azizungulira maola 10 ndi mphindi 25.

Mwa Chijeremani ntchito ndi ya mphindi imodzi. Mtunda ndi maola 8 ndi mphindi 20. Kukwera, mamita 2,400 kugawa ndi 600, ndi maola 4, theka lake maola awiri. Yankho ndi maola 10 ndi mphindi 20, kusiyana ndi loyamba lija ndi mphindi zisanu zokha. Musatengeke nazo kwambiri, sizigwirizana chonchi nthawi zonse. Pa Stelvio njira yomweyi ikupereka maola atatu ndi theka pamene VAM yapereka atatu. Njira ikakhala chitunda chokhachokha, ya Chijeremani imachulutsa nthawi. Ikakhala yosakanikirana ndipo muli ndi manambala awiri okha, mtunda ndi mamita okwera, imakwanira.

Chotsala ndi cha Afalansa chija, nthawi yoima. Tinene kuti pali malo atatu odindira khadi yosonyeza kuti mwadutsapo kapena otungira madzi, mphindi 15 paliponse, ndiye 45. Chakudya cha masana mphindi 30. Ndiye pali timaimidwe timene palibe amatilemba: kuvula jekete, kukataya madzi kutchire, kudikira pamphambano, kuona mapu. Ine ndimatipatsa mphindi zisanu pa ola lililonse lopalasa, ndiye pafupifupi 50. Pamodzi ndi maola awiri ndi mphindi zisanu. Ulendo wonse wafika maola 12 ndi theka. Wonyamuka 6 koloko m'mawa afika hafu pasiti sikisi madzulo, osati cha m'ma 2 koloko masana monga masamu oyamba aja ankanenera. Avereji yake ya pa wotchi yeniyeni ndi makilomita 16 pa ola, ndipo pa malire a maola 13 ndi theka watsala ndi ola limodzi lokha. Teyala likaphwa kawiri, n'kuwonjezera mphepo yochokera kutsogolo masana, olalo latha.

Mukandifunsa kuti pa manambala onsewa lonama kwambiri ndi liti, si la zitunda ayi. Ndi 24 uja. Kachipangizo koyezera liwiro ka pa handulo kapena foni nthawi zambiri kamaimitsa wotchi mukangoima, ndiye avereji imene mumanyadira ndi ya nthawi yoyenda yokha, komanso mwina ndi ya ulendo wa maola awiri muli kumbuyo kwa anzanu amene akukutchingirani mphepo. Mukayang'ana maulendo anu akale, onani nthawi yonse kuyambira ponyamuka mpaka pofika, muchotse yoyenda, ndipo mudziwa kuti mumaima mphindi zingati pa ola. Mukakhala pagulu manambala oima amakula, chifukwa gulu limanyamuka pamene womaliza watseka botolo lake. Mamita okwera nawonso musawakhulupirire ndi mtima wonse, pakuti mapulogalamu awiri a mapu akhoza kupereka manambala osiyana pa msewu umodzi. Ine ndimatenga lalikulu.

Masamu a kunyumba amayesedwa pamalo oimira oyamba. Musananyamuke lembani pakapepala nthawi imene muyenera kunyamuka pamalo alionse, osati yofika, n'kukamata pa handulo. Ngati pa kilomita 50, zitunda zisanayambe, mwachedwa kale ndi mphindi 15, onani kaye kumene zapita. Ngati zatayika poima, mungazibweze podya mwachangu masana. Koma ngati avereji yoyenda ndi imene yatsika, kaya chifukwa cha mphepo kaya msewu woipa, kuchedwako kuzikula ndi mtunda: mphindi 15 pa gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo ndi ola lathunthu pofika kumapeto. Pamenepo onani ngati nyale ili ndi moto, ndipo ngati pali njira yachidule yozemba chitunda chachitatu, ganizirani za iyo mudakali ndi mphamvu zosankha.