Lendi mudalipira, koma umboni uli kuti?

Anzanga okhala m'nyumba za lendi, maganizo anga ndi awa: musamalipire lendi kudzera pa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba ngati inuyo simutsala ndi kanthu m'manja.

Ine ndimakhala ku Area 25, lendi ndi K80,000 pamwezi. Mu Juni ndalama zidandivuta, ndiye ndidalipira kawiri. Pa 3 ndidatumiza K50,000 kuchokera pafoni panga. Pa 17 ndidapeza K30,000 yotsalayo, ndipo poti ndidali nayo m'thumba, ndidangoima pa kaambulera ka ejenti pamsika n'kumuuza kuti aike pa nambala ya akazi awo a landilodi, monga bambowo adanenera pafoni tsikulo.

Mu Sepitembala bambo aja adabwera ndi kabuku kawo. "Achimwene, ya Juni simudamalize." Ndidatsegula foni, uthenga wa K50,000 ulipo, tsiku ndi nambala ya malipiro zonse zikuoneka. Wa K30,000 palibe. Ukaika ndalama pa ejenti, uthenga umapita pafoni ya ejentiyo ndi ya wolandira, iwe wopereka umachoka chimanjamanja. Mayi aja mauthenga adali atafufuta kale, kafoni kawo sikachedwa kudzaza. Sindikuti ankafuna kundibera ayi, adaiwaladi. Koma ndidatha masana onse nditagwada pambali pa ejenti uja, tikuvundukula masamba a miyezi itatu m'buku lake, mpaka tidapeza mzere wa pa 17 Juni. Akadakhala kuti adasamuka pamalopo, bwenzi nditalipira kawiri.

Ngakhale uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba uli pafoni panu, umangoonetsa kuti ndalama zidapita pa nambala yakutiyakuti. Sunena kuti ndi lendi, sunenanso mwezi wake. Mwininyumba akhoza kunena kuti imeneyo idali yobweza ngongole ya Meyi, kapena kuti nambalayo si yake. N'chifukwa chake masiku ano ndimayamba ndaika ndalamayo pafoni panga, n'kutumiza ndekha pa nambala imodzi yokha yomwe tidalemberana. Kenako ndimajambula uthengawo n'kuwatumizira pa WhatsApp ndi mawu akuti "lendi ya Okutobala, K80,000, yonse," ndipo sindikhazikika mpaka atayankha kuti alandira. Chithunzicho ndimatumiziranso mlongo wanga, poti foni imabedwa.

Nkhani ya yotapira nayonso mukambirane poyamba. Inu mutumiza K80,000, iwo pokatapa alandira yoperewera, ndipo tindalama timeneto akamatiwerengera chaka chonse mudzamva kuti muli ndi ngongole.

Ena amati kupempha siginecha kwa munthu wamkulu n'kusowa ulemu. Ine ndidagula kope la ana asukulu, ndidalemba mizere ya tsiku, mwezi womwe ndikulipira, ndalama ndi yotsala. Bambo aja adayamba akwinya nkhope, koma pano amasaina, ndipo alendi anzanga awiri pampandapo awauza kuti agule makope awo.