Thumba la indekisi: kugula msika wonse m'malo mosankha sheya imodzi

Anthu akamva za masheya, funso loyamba limakhala lakuti, "Ndigule a kampani iti?" Ine ndimaona kuti kwa munthu wamba wosunga pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, funso limeneli ndi lomwe limamugwetsa m'mavuto.

Indekisi ndi mndandanda chabe wa makampani a pamsika wa masheya. Wodziwika kwambiri ndi S&P 500 wa ku America, womwe uli ndi makampani akuluakulu pafupifupi 500. Thumba la indekisi limasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kugula masheya a makampani onse a pamndandandawo, iliyonse molingana ndi kukula kwake. Ngati kampani ina ikutenga 5 peresenti ya mtengo wa mndandanda wonse, pa K100,000 yanu K5,000 imapita kumeneko. Palibe katswiri amene akulosera kuti iti ikwera mawa. Kampani ikachepa mphamvu imachotsedwa pamndandanda, ina n'kulowa, thumba n'kungotsatira.

A John Bogle a kampani ya Vanguard atayambitsa thumba lotere la anthu wamba mu 1976, anzawo anawaseka. Ankati ndani angafune phindu lofanana ndi la aliyense? Koma masamu ake ndi ovuta kuwatsutsa. Mukaphatikiza onse ogula ndi ogulitsa masheya, iwowo ndiye msika. Wina akapeza zoposa msika, ndiye kuti wina wapeza zochepa. Choncho pa onse pamodzi phindu ndi la msika lomwelo, kenako muchotsepo malipiro a oyendetsa thumba. Wolipira zochepa ndi amene amatsala ndi zambiri.

Apa ndi pomwe ambiri sawerengetsa. Tiyerekeze kuti mwaika K1,000,000 ndipo msika ukukula ndi 8 peresenti pachaka kwa zaka 30 (ndangosankha nambalayi kuti tione masamu, si lonjezo). Thumba la indekisi lodula 0.2 peresenti pachaka likusiyirani pafupifupi K9,500,000. Thumba la akatswiri osankha masheya lodula 2 peresenti likusiyirani pafupifupi K5,700,000, ngati masankhidwe awo angofanana ndi msika. Kusiyana kwake ndi K3,800,000. Ka 2 peresenti kamaoneka kochepa papepala, koma kamadulidwa chaka chilichonse pa ndalama yonse, kaya mwapindula kaya mwaluza, ndipo ndalama yodulidwayo sidzaberekanso ina.

A Warren Buffett anabetcherana ndalama zokwana 1 miliyoni dola kuti thumba lotsatira S&P 500 lidzaposa matumba osankhidwa ndi akatswiri pa zaka khumi, kuyambira 2008 mpaka 2017. Anapambana, ndipo si pang'ono. Dziwani kuti iwowa ndi munthu amene analemera ndi kusankha masheya komweko.

Nanga sheya imodzi ili ndi vuto lanji? Abale athu okhala ku Joni akukumbukira Steinhoff, kampani yaikulu yomwe anthu ankaidalira. Mu Disembala 2017, zitadziwika kuti mabuku ake a ndalama anali achinyengo, mtengo wa sheya yake unagwa ndi zoposa theka pa tsiku limodzi, ndipo sunadzukenso. Amene anaika zonse mmenemo analira. Amene anali m'thumba lotsatira makampani 40 akuluakulu a msika wa ku Johannesburg, monga Satrix 40, anataya kachigawo kakang'ono chabe. Chinyengocho chinadutsa ngakhale akatswiri owerengera mabuku, ndiye inu ndi ine tikanachiona bwanji pafoni?

Koma musamve ngati thumba la indekisi siligwa. Msika wonse ukagwa, nalonso limagwa chimodzimodzi, chifukwa ntchito yake ndi kutsatira. Mu 2008 S&P 500 inatsika ndi pafupifupi 37 peresenti. Ku Japan, indekisi ya Nikkei inafika pamwamba mu 1989 ndipo inadzafikanso pomwepo mu 2024. Ndalama ya fizi ya teremu yamawa kapena ya feteleza wa chaka chino musaiike kumeneko. Ndi malo a ndalama yomwe simuifuna kwa zaka khumi kapena kuposerapo.

China ndi kukula kwa msika. Wathu wa ku Blantyre uli ndi makampani osakwana 20, ndipo mabanki ndi makampani a mafoni ndi amene atenga gawo lalikulu. Ngakhale mutagula onse, mabanki akadwala nanunso mwadwala. Phindu la njirayi limaoneka bwino pamsika wa makampani ambirimbiri ochita malonda osiyanasiyana.

Wina akakubweretserani thumba lililonse, mufunseni kuti likutsatira mndandanda uti, ndiponso kuti malipiro onse pachaka ndi maperesenti angati, kuphatikizapo a iye mwini wokugulitsaniyo. Akayamba kuzungulirazungulira pa funso lachiwirili, musasaine.