Zaka zobadwa, za banja ndi chithunzi zichoke pa CV, pokhapokha atazipempha eni ake

Maganizo anga lero ali pa kachigawo kaja kamene kamakhala pamwamba pa CV zambiri zomwe timatayipitsa pa Luchenza, pa Chitakale, pa Limbuli ngakhale pa boma pa Thyolo. Mukapita kokatayipitsa, mnyamata wa pakompyuta amatsegula CV ya munthu amene anabwera dzulo, kufufuta dzina, n'kuyamba kukufunsani mzere ndi mzere monga zalembedwera pamenepo: Date of birth, Marital status, Religion, Tribe, Home village, T/A, ID number. Inu mumangoyankha, poganiza kuti lamulo lake ndi lomwelo. Palibe lamulo lotere. N'chizolowezi chabe chomwe takhala tikukopererana, ndipo ine amene ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki mu ofesi yolemba anthu ntchito ndikuti chizolowezi chimenechi chikupweteketsa anthu, makamaka amayi.

Tiyambe ndi mmene zimakhalira makalata akafika. Ntchito imodzi ya ukalaliki ikalengezedwa, maenivelopu amadzaza katoni. Anthu awiri kapena atatu amakhala pa tebulo, malonda a ntchito aja ali pambali, ndipo ulendo woyamba sawerenga CV yonse ayi. Amayang'ana tsamba loyamba kufuna kuona ngati munthuyu ali ndi zomwe zinapemphedwa, kenako n'kuiponya ku mulu wa kumanja kapena wa kumanzere. Pa nthawi imeneyi iwo akusaka chifukwa chochepetsera mulu. Ndiye mzere uliwonse umene sukunena za luso lanu sungakukwezeni, koma ungathe kukugwetsani.

Mwana wa achemwali anga anabwera ndi CV yake mwezi wathawu kuti ndimuonere. Amafunsira ntchito yoyang'anira katundu wa m'sitolo pa esiteti ina ya tiyi. Malonda ake ankafuna zinthu zitatu: MSCE yokhala ndi kirediti ya Masamu ndi Chingerezi, zaka ziwiri akugwira ntchito yofanana nayo, komanso kudziwa Excel. Zonsezi ali nazo. Wakhala kalaliki wa pasikelo nyengo zinayi zothyola tiyi, kulemba makilo a aliyense wothyola, kuphatikiza madzulo, kufananiza ndi zomwe zalowa ku fakitale. Koma pa CV yake zimenezi zinali pa tsamba lachiwiri, pansi. Theka la tsamba loyamba linadyedwa ndi tsiku lobadwa losonyeza kuti ali ndi zaka 34, kuti ndi wapabanja, ana atatu, mpingo wake, mtundu wake, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya chiphaso cha unzika, ndi chithunzi pakona chomwe makina ofotokopa anachidetsa mpaka maso okha ndiwo ankaoneka.

Nditayamba kudula mizereyo ndi bolopeni anandigwira dzanja. "Amalume, kodi akaona kuti sindinalembe za banja sadzati ndikubisa kanthu?" Funso limeneli ndi loona ndipo ambiri muli nalo, choncho ndiliyankhe bwinobwino.

Mzere wa za banja ulibe yankho labwino kwa mayi. Mukalemba kuti ndinu wapabanja, wina pa tebulo paja amayamba kuwerengera mumtima: ameneyu chaka chamawa adzakhala woyembekezera. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo alipo olemba ntchito amene amaona ufulu umenewu ngati chitayiko. Mukalemba kuti simuli pabanja, yemweyo amati adzakwatiwa n'kutsata mwamuna ku Blantyre. Mukalemba kuti banja linatha kapena amuna anu anamwalira, mwatsegulira miseche ndi anthu a maso a kunja. Mwamuna akalemba kuti ndi wokwatira amaoneka ngati wokhazikika, pomwe mawu omwewo kwa mayi amasanduka mtolo. Chimenechi chimandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaona CV zabwino zikupita kumanzere popanda munthu kutchula chifukwa chake mokweza.

Lamulo lomweli, pa gawo 5, limaletsa kusala munthu pa nkhani ya ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhalenso udindo wosamalira banja. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 nawo amaletsa tsankho pa gawo 20. Koma vuto lake nali: mukasiyidwa pa nthawi yosankha makalata, simulandira kalata yokuuzani chifukwa. Mumangodikira foni yosabwera. Mulibe umboni woti mungapite nawo ku ofesi ya zantchito. Ndiye chitetezo chimene chili m'manja mwanu n'kusapereka nokha chinthu chimene angakusalireni nacho. Kumeneko si kubisa. Kubisa n'kukana kuyankha chimene mwafunsidwa moyenera, ndipo palibe amene anakufunsani.

Za zaka zobadwa zili ndi mbali ziwiri. Munthu wa zaka 22 amamuona ngati mwana ngakhale ali ndi mapepala onse, wa zaka 45 amamuti watopa kapena adzafuna malipiro ambiri. Ndikudziwa kuti chaka chimene munalemba MSCE chimaulula zaka zanu pang'ono, ndipo chaka chimenecho musachichotse kapena kuchisintha, chifukwa setifiketi idzakutsutsani tsiku la intavyu. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu amene waona kaye ntchito zanu n'kudzawerengera zaka pambuyo, ndi amene chinthu choyamba kuona pansi pa dzina lanu ndi 1979. Pamene zaka zili mbali ya zofunika, monga malonda a ntchito ya upolisi, ya usilikali kapena mapologalamu a achinyamata omwe amatchula malire a zaka, lembani tsiku lobadwa poonekera, lofanana ndendende ndi la pa chiphaso chanu. Kupanda kutero mudzagwa chifukwa sangathe kutsimikiza.

Chithunzi ndiye sindichedwapo. Kalaliki wa m'sitolo salembedwa ndi nkhope. Chithunzi chimauza munthu zaka zanu, khungu lanu, mwina ndi chipembedzo chanu kudzera m'chovala cha kumutu, musanatsegule pakamwa. Akachipempha m'malonda, perekani chenicheni cha saizi ya pasipoti, chomata pa fomu kapena choika padera. Musadule cha pa ukwati wa mnzanu chooneka phewa la munthu wina.

Mtundu, mudzi ndi mfumu ndi zomwe anthu kuno amakakamira kwambiri. Ena amati ndikalemba kuti ndine Mlhomwe wa kwa Mabuka, bwana akakhala wakwathu andikumbukira. Mwina. Nanga akakhala kuti si wakwanu, kapena pa tebulopo pali wina amene watopa n'kuona anthu a dera limodzi? Simudziwa amene atsegule enivelopu. Chimene olemba ntchito amafunadi kudziwa ndi komwe mukukhala panopa, kuti aone ngati mungafike pantchito m'mawa nthawi ya mvula. Ndiye lembani kuti mukukhala pa Luchenza kapena ku Bvumbwe, basi. Ntchito ikakhala ya m'mudzi, yofuna munthu wa m'dera la mfumu yakutiyakuti, malonda amanena, ndipo apo mutchule. Chiyankhulo ndiye chilembeni, koma pansi pa maluso: Chichewa, Chingerezi, Chilhomwe, ndipo ngati mumatha Chipwitikizi chifukwa chokulira kufupi ndi chipata cha Muloza, chimenecho ndi chuma pa ntchito zamalonda. Chipembedzo chimodzimodzi, chitchuleni pokhapo pamene sukulu kapena chipatala cha mishoni chapempha kalata ya abusa kapena ansembe.

Tsopano nambala ya chiphaso cha unzika. Apa nkhani si tsankho, ndi akuba. Chiyambireni kalembera wa ziphaso wa 2017, chiphasochi ndicho chimagwira ntchito polembetsa simu, ku banki ndi pa ngongole. Taganizani pepala limodzi lokhala ndi dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, mudzi, mfumu, nambala ya foni ndi chithunzi. Pepala limenelo mwalisiya pa geti kwa alonda, mwasiya lina pamalo potayipitsa mu kompyuta yomwe aliyense amatsegula, lina mwatumiza pa WhatsApp kwa munthu amene simunamuonepo, amene akuti bungwe lake likufuna anthu. Ine ndinagulapo tchipisi pamsika n'kupeza kuti pepala lokulungira ndi CV ya munthu, mafuta atanyowetsa dzina, koma nambala ya chiphaso ndi ya foni zikuwerengeka bwinobwino. Munthu wachinyengo akakhala ndi zonsezi amakuimbirani akukutchulani dzina, mudzi ndi mfumu yanu, inu n'kukhulupirira kuti ndi wa ku ofesi, kenako n'kukuuzani kuti mutumize ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu. Chizindikiro chake n'chimenecho: wolemba ntchito weniweni sapempha ndalama kuti akuitaneni ku intavyu. Fotokope ya chiphaso muipereke pamene malonda ochokera ku malo odziwika aipempha, kapena mukalembedwa ntchito. Nthawi imeneyo ndi pamene ofesi imafunadi tsiku lobadwa, dzina la mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana, chifukwa cha penshoni ndi malipiro. Za umoyo wanu, monga ngati muli ndi kachilombo ka HIV kapena ayi, zisayandikire n'komwe pa CV.

CV ya mwana wa achemwali uja tinaikonza motere. Pamwamba panatsala mizere inayi: dzina lake monga lilili pa setifiketi, nambala ziwiri za foni zomwe zimagwira, imelo, ndi tauni yomwe akukhala. Pansi pake pomwepo tinaika ntchito ya pasikelo, ndi zaka zake, ndi zomwe ankachita tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo kulowetsa makilo mu Excel ndi kufufuza pomwe mawerengero asemphana. Kenako MSCE ndi makirediti awiri aja poonekera. Zinthu zitatu zomwe malonda anapempha zonse zinakwana pa theka loyamba la tsamba loyamba, pamalo pomwe panali mpingo ndi ana atatu.

Mzere umodzi wokha ndinamusiyira, wonena kuti ndi wamkazi. Dzina lake ndi la mtundu wa Chikondi, Chisomo kapena Mphatso, omwe amuna ndi akazi omwe amatchedwa, ndipo malondawo analemba kuti amayi akulimbikitsidwa kufunsira. Pamenepo mzerewo ukumugwirira ntchito. Malonda akadakhala chete pa zimenezi, nawonso ndikadaudula.

Mawu omaliza apite kwa inu achimwene ndi achemwali amene mumatayipira anthu. Kasitomala wanu amakhulupirira kuti mukudziwa, ndipo sangakutsutseni. Chotsani mizere imeneyi pa CV yomwe mumakoperapo, mufunseni aonetse malonda a ntchitoyo musanayambe, ndipo akamaliza kulipira mutumizireni CV yake pa foni kapena pa fulashi, yanu ya mu kompyuta n'kuifufuta iye akuona.