Tikuwalanga pa zomwe sitinawaphunzitse

Lero ndakwiya ndithu. Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali chaka choyamba ku koleji, wafika madzulo ano maso ali psuu. Amupatsa 0 pa asayimenti yonena za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo pamwamba pa pepala alembapo ndi cholembera chofiira kuti waba ntchito ya eni. Ndawerenga pepalalo ndipo sindikumuikira kumbuyo, wakoperadi. Ndime ziwiri Chingelezi chake chasintha mwadzidzidzi, chasalala ngati si iye walemba ndime yoyamba, ndipo penapake wasiya kanambala [7] momwe kanalili pa Wikipedia. Nditamufunsa anandiyankha misozi ili chuchuchu: "Malume, koma mayina a mabuku ndinawalemba kumapeto."

Apa mpamene mtima wanga wapsera. Mwanayu sadziwa kuti kundandalika mabuku kumapeto sikokwanira. Palibe anamuuzapo, kuyambira Sitandade 1 mpaka kulemba MSCE. Zaka 12 zathunthu tamuphunzitsa kukopera manotsi pa bolodi, kuloweza, n'kukabweza mawu omwewo pa mayeso a MANEB, ndipo wobweza ndendende ndiye tinkamuombera m'manja. Lero wachita zomwezo, tamutcha wakuba. Tamulanga pa lamulo lomwe sitinamuwerengere.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Ndakhala naye pansi osakwana ola limodzi. Ndamuuza kuti ukatenga mawu a munthu momwe alili, uwatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, ndipo pomwepo ulembe dzina la mlembi, chaka ndi tsamba. Ukatenga ganizo lake n'kulinena m'mawu ako, zizindikirozo sizifunika, koma dzina ndi chaka zikhalepobe, chifukwa ganizolo si lako. Tinatenga buku la George Shepperson ndi Thomas Price lonena za Chilembwe, lomwe linatuluka mu 1958. Anawerenga ndime imodzi, ndinamutseketsa bukulo, n'kumuuza kuti andifotokozere pakamwa zomwe wamva. Zomwe ananenazo ndi zomwe analemba, kumapeto kwa chiganizo n'kuika (Shepperson & Price, 1958) monga mwa kalembedwe ka APA komwe amafuna kusukulu kwawo. Zoti kuukirako kunachitika mu 1915 aliyense amadziwa, sizifunika kutchula buku. Koma chifukwa chimene mlembi wina akuti Chilembwe anaukira, chimenecho ndi maganizo a mlembiyo, mtchule. Basi. Mwana anamva nthawi yomweyo, n'kufunsa kuti, "Ndiye bwanji sanatiuze?"

Bwanji sanawauze? M'mera mpoyamba. Mwana wa Fomu 1 angathe kulemba pansi pa homuweki yake kuti izi ndazitenga m'buku lakuti, tsamba lakuti, izi anandiuza ndi agogo. Akazolowera kunena komwe watenga zinthu ali ndi zaka 14, sadzavutika ali ndi zaka 19. Ndipo mwana amene akudziwa kuti n'zololedwa kugwiritsa ntchito maganizo a ena bola uwatchule, alibe chifukwa chobisira. Ambiri amabisa chifukwa amaganiza kuti kutchula buku n'kuvomera kuti mutu wako mulibe kanthu. Tinawaphunzitsa mantha amenewo ndife. Inde, ulesi ulipo, kusowa kwa mabuku kulipo, koma musandiuze kuti kalasi yonse ndi ya akuba.

Wolowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso akudziwa chomwe akuchita, ameneyo alangidwe. Wolipira munthu kuti amulembere disiteshoni, ameneyonso alangidwe, sindimumvera chisoni m'pang'ono pomwe. Koma osaika m'thumba limodzi ndi mwana yemwe sanaonetsedwepo pomwe chizindikiro cha mawu ogwidwa chimakhala. Muphunzitseni kaye, mumupatse mpata alembenso, akabwereza ndiye mumulange.

Ndiye pali za Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yomwe imayerekeza ntchito ya mwana ndi zolemba zina n'kupereka nambala. Ana akungouzidwa kuti nambala itsike, osauzidwa kuti nambalayo ikutanthauzanji. Makinawo amangoonetsa mawu ofanana ndi olembedwa kwina, saweruza kuti waba. Mawu ogwidwa bwinobwino komanso mndandanda wa mabuku zimatha kukweza nambala ngati sanazichotse powerengera. Zotsatira zake ana aphunzira kusintha liwu apa ndi apo mpaka nambala itsike, ganizo la mwini lili momwemo, dzina lake palibe. Kubera kwake n'komweko, kungoti tsopano n'kovuta kugwira.

Ndipo tisanaloze ana chala, tiyang'ane manotsi omwe aphunzitsi ena amapereka kuti ana akachite fotokope. Ndaona a mwanayu. Masamba 30, palibe paliponse pomwe atchula buku limene zachokera, chonsecho zikuonekeratu kuti si iwo analemba. Amenewo awapatse 0 ndani?